Kalata yomaliza kwa wangongole muzilemba ngati adzaiwerenge ndi majisitireti

Amayi ndi abambo anzanga apamsewu wa ku Joni, nkhani ya ngongole zosabwezedwa yatopetsa ambiri mwa ife. Aliyense amene anayendapo ulendo wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ali ndi munthu wake amene anatenga katundu n'kumangoti "mawa, mawa". Ine maganizo anga ndi akuti ambirife timataya ndalama zathu chifukwa cha mmene timachenjezera komaliza. Timakalipa kwambiri, timaopseza ndi zinthu zimene sitingachite, ndipo mawu oti "aka n'komaliza" timawanena kakhumi. Chenjezo lomaliza liyenera kukhala kalata imodzi yofatsa, yokhala ndi ndalama yeniyeni ndi tsiku lenileni, ndipo muilembe pokhapokha mutatsimikiza mumtima kuti tsikulo likadutsa mupitadi kukhoti. Ndifotokoza ndi zimene zinandichitikira ineyo.

Pa 10 Malichi 2023 ndinapereka katundu pangongole kwa mayi wina amene ali ndi shopu mu Limbe. Dzina sinditchula, tingoti Mayi Uje. Anatenga mabulangete 40 pa K30,000 limodzi, ndi maduveti 15 pa K40,000 limodzi. Zonse pamodzi zinakwana K1,800,000. Tinagwirizana kuti amaliza kulipira pofika kumapeto kwa Epulo chaka chomwecho. Sitinasainirane pepala lililonse, chifukwa tinadziwana kalekale, tinkakwera basi imodzi, ndipo pamaliro a bambo anga mayiwa anagona kwathu masiku awiri. Umboni umene ndinali nawo unali kope langa la ngongole ndi mauthenga a pa WhatsApp basi.

Kumapeto kwa Epulo anandipatsa K400,000 pamanja. Mu Julayi anatumiza K250,000 pa Airtel Money, mu Disembala K150,000. Kuchoka apo kunangoti zii. Ndikaimba foni, yankho linali lakuti bizinesi yavuta, mwana akudwala, kapena "asisi musadandaule, sabata yamawa". Nthawi zina foni inkangoitana osayankhidwa, koma ndikadutsa pashopu ndinkaona katundu watsopano atapachikidwa.

Kudikira kumeneku kunali ndi mtengo wake umene poyamba sindinkauona. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kubanki inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nthawi imeneyo mayiwa anali ndi K1,060,000 yanga. Isanagwe kwacha ndalama imeneyo inali pafupifupi madola 900. Itagwa inatsala madola 620 ndi pang'ono. Ife timagula katundu ndi marandi koma timakongoza ndi makwacha, ndiye mwezi uliwonse umene wangongole akukunyengererani, mabulangete amene ndalamayo ingagule ku Joni akucheperachepera. Amene amati "ingodikirani, adzapereka" sanawerengere zimenezi.

Kwa miyezi isanu ndinachita zomwe ambirife timachita. Ndinatumiza mavoisi aatali usiku, ena ndikulira, ena ndikutukwana. Ndinanena kuti ndibwera ndi apolisi. Ndinanena kuti ndiika chithunzi chawo pa Facebook kuti aliyense adziwe kuti ndi wakuba. Nditabwerera m'mauthenga athu kuti ndiwerenge, ndinapeza kuti mawu oti "aka n'komaliza kukuuzani" ndinawalemba kasanu ndi kawiri. Munthu amene wachenjezedwa komaliza kasanu ndi kawiri waphunzira chinthu chimodzi, chakuti mwini ndalama amangolankhula. Ndinawaphunzitsa ndekha kuti asamandiope.

Ndipo zoopseza zangazo zinali zopanda mano. Munthu amene watenga katundu pangongole mogwirizana, n'kulipirako mbali ina, sanabe. Imeneyo ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri, yopita kukhoti ngati mlandu wa ndalama, ndipo kupolisi kawirikawiri amakubwezani kuti mukasume. Zimasiyana ngati munthuyo anakunamizani kuyambira pachiyambi kuti akuberani, monga kugwiritsa ntchito dzina labodza kapena uthenga wabodza wosonyeza kuti watumiza ndalama. Koma wangongole wamba amene wakhala pabizinesi zaka zambiri amadziwa kuti apolisi samutsekera chifukwa cha mabulangete, ndiye mukamuopseza nazo amangoseka chamumtima. Za pa Facebook ndiye n'zoopsa kwa inu eni. Kuno ku Malawi kuli lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti, limene limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pafoni ndi pa intaneti, komanso munthu mukamutchula wakuba pagulu akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri. Mumayamba muli odandaula, n'kumaliza muli oyankha mlandu, ngongole yanu ili pomwepo. N'chimodzimodzi kupita ndi anyamata kukanyamula katundu m'shopu mwa wangongole. Ntchito yolanda katundu ndi ya masherifu, ndipo amaichita khoti likagamula.

Amene anandisintha maganizo ndi mlamu wanga wina amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki kwa maloya. Atamvetsera mavoisi anga awiri anandifunsa kuti, "Mlamu, zimenezi mungakonde kuti zikaseweredwe pamaso pa majisitireti?" Ndinachita manyazi. Anati kalata yomaliza imapita kwa wangongole, koma muziilemba mukuganiza za munthu wachitatu amene sakukudziwani nonse awiri, amene adzaiwerenge tsiku lina n'kufuna kumva zinthu zochepa: anatenga chiyani, liti, walipira zingati, zatsala zingati, ndipo anapatsidwa mpata wotani. Wangongole naye akaiwerenga amazindikira kuti kalatayi yalembedwa kuti ikaonekere kwina, ndipo chimene chimamudzidzimutsa n'chimenecho.

Ndisanalembe ndinakhala pansi ndi kope, foni ndi mauthenga a Airtel Money, n'kuwerengera bwinobwino. Apa m'pamene ndinapeza cholakwa changa. Miyezi yonseyi ndinkawauza mayiwa kuti atsala ndi K1,000,000, chifukwa ndinkachotsa K800,000 imene analipira pa K1,800,000. Ndinali nditaiwala kuti mu Meyi 2023 anandibwezera mabulangete atatu amene anapezeka ong'ambika m'mphepete, ndipo ndinawalandira. Mabulangete atatuwo ndi K90,000. Ngongole yeniyeni inali K910,000. Ndikanalemba miliyoni m'kalata, ndikanawapatsa pothawira. Akanayankha kuti "ndalama imeneyo sindikuidziwa", tikanayamba kukangana za K90,000, nkhani ya K910,000 n'kuima. Ndipo kukhoti munthu amene wapezeka kuti wakweza ndalama ngakhale pang'ono, mawu ake ena onse amayamba kukayikitsa.

Pa chifukwa chomwechi sindinawonjezere chiwongoladzanja. Mtima unkafuna, poganiza za kugwa kwa kwacha, ndipo anzanga ena ankati ndiikepo 30 peresenti. Koma sitinagwirizanepo za chiwongoladzanja pamene ndinkapereka katundu, ndiye sindikanangochidzutsa ndekha patapita chaka. Zikanaoneka ngati katapila. Ngati mukufuna kuti wochedwa kulipira aziwonjezera, kapena kuti mtengo uzitsatira randi, zimenezo zimalembedwa tsiku lopereka katundu, onse awiri n'kusaina. M'kalata yomaliza mukhoza kungonena kuti nkhani ikafika kukhoti mudzapempha chiwongoladzanja ndi ndalama zimene mwawononga posuma, ndipo khoti ndi limene lidzaone.

Kalata imene ndinalemba inali ya tsamba limodzi. Pamwamba ndinaika dzina langa lonse, kumene ndimakhala, nambala ya foni ndi tsiku, 3 Juni 2024. Kenako dzina lonse la mayiwa monga lilili pa chiphaso chawo, dzina la shopu ndi pamene ili. Mawu ake anali awa:

"Mayi Uje, pa 10 Malichi 2023 munatenga kwa ine pangongole mabulangete 40 pa mtengo wa K30,000 limodzi ndi maduveti 15 pa mtengo wa K40,000 limodzi, zonse pamodzi K1,800,000. Tinagwirizana kuti mumaliza kulipira pofika pa 30 Epulo 2023. Munalipira K400,000 pa 28 Epulo 2023, K250,000 pa 14 Julayi 2023 ndi K150,000 pa 20 Disembala 2023. Munabwezanso mabulangete atatu a ndalama zokwana K90,000. Ndalama yotsala ndi K910,000. Ndakukumbutsani kangapo pafoni ndi pa WhatsApp koma kuyambira pa 20 Disembala 2023 simunalipirenso kalikonse. Ndikukupemphani kuti mulipire K910,000 yonse pofika Lolemba pa 17 Juni 2024, 5 koloko madzulo, ku akaunti yanga ya kubanki imene ndalemba m'munsimu. Ngati simukugwirizana ndi ndalama imeneyi, mundiyankhe polemba tsikuli lisanafike, ndipo munene pamene mukuona kuti palakwika. Mukapanda kulipira pofika tsiku limeneli, ndikasuma kukhoti la majisitireti popanda kukuchenjezaninso, ndipo ndidzapempha khoti kuti mulipirenso chiwongoladzanja ndi ndalama zosumira. Iyi ndi kalata yanga yomaliza pa nkhaniyi."

Ndinasaina, basi. Mulibe mawu oti "mwandikhumudwitsa", mulibe za maliro a bambo anga, mulibe za Mulungu amene akuona. Kuchotsa mawu amenewa kunandivuta kuposa kulemba kalatayo, chifukwa ndi amene anali pamtima. Koma mawu aliwonse odandaula amapatsa wangongole chinthu choti ayankhe m'malo mwa ndalama. Mukalemba kuti "ndinkakutengani ngati m'bale wanga", yankho limabwera lakuti "inenso ndinakuthandizanipo nthawi yakuti", ndiye mwabwereranso kokangana.

Taonani tsiku. Sindinalembe kuti "msanga" kapena "mwezi uno usanathe". Ndinapereka masiku 14 ndipo ndinatchula tsiku lake ndi ola. Masiku atatu ndi ochepa kwambiri kwa munthu amene akufunadi kusaka K910,000, ndipo amaoneka ngati nkhanza. Mwezi wathunthu ndi wautali, munthu amaiika kalata pansi pa matiresi n'kuiwala. Masabata awiri amakwana kugulitsa katundu, kutenga ndalama kubanki m'khonde kapena kupempha kwa achibale. Chinanso, sankhani tsiku limene inuyo mudzakhale muli pamudzi. Musaike tsiku lomaliza pamene mukudziwa kuti mudzakhala pamzere ku Beitbridge foni ili yozima, chifukwa wangongole adzanena kuti anakusakani ndi ndalama koma simunapezeke.

Chiganizo chopempha kuti anene polemba ngati akutsutsa ndalamayo chili ndi ntchito yaikulu, makamaka kwa ife amene timakongoza popanda pepala. Wangongole akayankha kuti "ndalamayo ndikuidziwa, mundipatse nthawi", wavomera ngongole ndi dzanja lake, ndipo umboni umene munalibe mwaupeza. Akatsutsa, mwadziwiratu chimene adzanene kukhoti ndipo mukhoza kukonzekera. Akangokhala chete, mudzaonetsa kuti anapatsidwa mpata wotsutsa koma sanatero.

Kalata imene simungatsimikize kuti inafika ili ngati sinalembedwe. Ndinapanga makope awiri, ndipo ndinapita kushopu ndi mlamu wanga uja ngati mboni, m'mawa makasitomala asanachuluke, kuti ndisawachititse manyazi pagulu. Ndinawapempha kuti asaine pa kope langa kusonyeza kuti alandira. Anakana, anati sasaina zinthu zimene sanawerenge. Sindinakangane nawo. Mlamu wanga analemba kuseri kwa kope langa kuti kalata yaperekedwa m'manja mwa Mayi Uje pa 3 Juni nthawi ya 8 koloko m'mawa ndipo akana kusaina, n'kusaina iyeyo. Madzulo ndinajambula kalatayo n'kuwatumizira pa WhatsApp, ndipo nditaona kuti yawerengedwa ndinajambulanso foniyo n'kukasindikiza pamodzi ndi mauthenga onse akale. Sindikizani zinthu zimenezi, anzanga. Mafoni athu amabedwa m'mabasi, ndipo chaka chathunthu cha umboni chimapita ndi foni imodzi. Ine ndinalemba m'Chichewa kuti pasakhale zoti sanamve, koma ndinasunganso ina ya m'Chingerezi ya mawu omwewo, poti zolemba zakukhoti zimayenda m'Chingerezi.

Ena amafunsa ngati kalata yotere iyenera kulembedwa ndi loya. Ayi, mukhoza kulemba nokha ndipo imagwira ntchito. Kalata ya loya imaopsa kwambiri chifukwa cha chidindo, koma imalipiridwa, ndiye pa ngongole ya K200,000 muyambe mwafunsa mtengo musanalowe mu ofesi. Pa ndalama zambiri, kapena ngati amene anatenga katundu ndi kampani yolembetsedwa, loya ndi wofunika, chifukwa pamenepo ngakhale dzina loti mulisumire limasokoneza: mwini shopu ndi kampani yake pamalamulo akhoza kukhala anthu awiri osiyana.

Masiku 14 amenewo chovuta kwambiri ndi kukhala chete. Ndinkafuna kuimba kuti ndimve ngati akuchitapo kanthu, koma ndinadziletsa, chifukwa kalata inanena kuti sindichenjezanso. Tsiku lachitatu ananditumizira uthenga wakuti sankayembekezera kuti ine ndingawachite zimenezi. Ndinayankha chiganizo chimodzi, kuti zonse zili m'kalata. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mayi wina wa kutchalitchi kwawo anandiimbira kundipempha kuti ndikhululuke. Ndinawauza mwaulemu kuti chidani palibe, chimene chilipo ndi K910,000. Tsiku la 11 Mayi Uje anabwera kunyumba ndi achimwene awo, atanyamula K400,000.

Apa m'pamene ambiri timagwera. Ndalama ikaoneka patebulo mtima umafewa, timalandira, timaseka, n'kunena kuti yotsalayo "muzibweretsa pang'onopang'ono". Mukatero mwafafaniza kalata yanu yomwe ndipo mwabwerera pa "mawa, mawa". Ine ndinalandira K400,000 n'kulemba risiti yonena kuti ndalamayi ndi gawo chabe la ngongole, yotsala ndi K510,000. Kenako tinalemba pepala lina, limene mayiwa anavomera kuti ali ndi ngongole ya K510,000 ndipo adzalipira K170,000 pa 31 Julayi, pa 31 Ogasiti ndi pa 30 Seputembala. Tinaikamo mawu akuti akaphonya tsiku limodzi, ndalama yonse yotsala ikufunika nthawi yomweyo ndipo ndikasuma osachenjezanso. Anasaina iwo, achimwene awo anasaina ngati mboni, inenso ndinasaina. Pepala limene ndinalephera kulipeza mu Malichi 2023 chifukwa cha manyazi, ndinalipeza tsiku limenelo.

Pepala lovomera ngongole lili ndi phindu lina limene ambiri sitilidziwa. Timakonda kunena kuti mlandu suwola, koma ngongole kukhoti imawola. Kuno ku Malawi, ngongole yochokera pa mgwirizano ngati wathuwu muyenera kuisumira zisanathe zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera pamene inayenera kulipiridwa. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe ngongole wamba imatha mphamvu pakapita zaka zitatu zokha. Zaka zitatu si zambiri kwa munthu amene amangoti "ndikabweranso ku Joni ndidzamuona". Ndipo dziwani kuti kalata yanu yochenjeza payokha siimitsa nthawi imeneyi, ngakhale mutalemba makalata khumi. Chimene chimathandiza ndi kusuma kwenikweni, kapena wangongole kuvomera ngongoleyo, ndipo kuvomera kolemba ndi kusaina ndi kumene simungavutike kukutsimikiza. Akavomera, nthawi imayambanso kuwerengedwa kuchokera pamenepo. Choncho ngati muli ndi munthu ku Joni amene anatenga katundu wanu zaka ziwiri ndi theka zapitazo ndipo sanalipirepo kapena kuvomera chilichonse, musadikire Khirisimasi.

Ndikhalepo pang'ono pa za ku Joni, poti ambiri muno ngongole zanu zili kumeneko, kwa anzathu amene timawatumizira nsomba zouma, mpunga wa kilombero ndi zitenje kuti agulitse. Nthawi zambiri mlandu umakasumidwa kumene wangongole amakhala kapena kumene munachitira malondawo. Chisamani cha ku Blantyre sichingamuvutitse munthu amene ali ku Johannesburg ndipo kuno alibe kalikonse. Musalembe m'kalata kuti mukasuma ku Malawi pamene munthuyo ndi katundu wake yense ali kunja, adzadziwa kuti n'zongolankhula. Ku South Africa kuli khoti la ngongole zing'onozing'ono lotchedwa Small Claims Court, limene limapezeka kumakhoti a majisitireti. Malire amene anaikidwa mu 2019 anali R20,000, maloya saimira anthu kumeneko, ndipo musanatenge chisamani lamulo limafuna kuti muyambe mwapereka kalata yochenjeza yopatsa wangongole masiku 14, yoperekedwa pamanja kapena kudzera kupositi yolembetsa, ndipo muonetse umboni woti inafika. Ndiye kumeneko kalata imeneyi ndi khomo lenileni lolowera kukhoti. Ngongole ikapitirira malirewo mukhoza kusiya yapamwambayo n'kusumira ndalama yofika pa malirewo yokha, koma imene mwasiyayo ndiye kuti yapita. Muganizirenso kuti tsiku la mlandu muyenera kukaonekera nokha, ndiye muwerengere thiransipoti, malo ogona ndi masiku amene akudindirani mupasipoti. Pa ngongole ya R3,000 mwina ulendowo udya ndalama yonse, pokhapokha mutaugwirizanitsa ndi ulendo wokaoda.

Ndikudziwa zimene ena munene, chifukwa ndinazimva kwa anzanga apamtima. Akuti kalata yotere imapha ubale, ndipo pabizinesi yathuyi timadalirana: lero ndiwe wokongoza, mawa katundu wako wagwidwa pachipata ndipo ukufuna wokubwereka ya msonkho. Zimenezi n'zoona ndithu. Inenso ndinakhalapo ndi ngongole ya munthu kwa miyezi inayi katundu wanga atanyowa m'thiraki, ndipo akanandilembera kalata yotere mwezi woyamba ndikanamva kuwawa. N'chifukwa chake sindikunena kuti aliyense wochedwa ndi sabata ziwiri alandire kalata. Munthu amene amakuimbirani yekha, amene amabweretsa kangachepe mwezi ndi mwezi, amene mukuona ndi maso kuti wagwa, ameneyo khalani naye pansi. Kalata yomaliza ndi ya munthu amene wasiya kuyankha, miyezi yapita osaponya kalikonse, koma bizinesi yake ikuyenda. Ubale ndi munthu woteroyo unatha kale pamene anayamba kuona dzina lanu pafoni n'kuitembenuza. Chimene mukuteteza pokhala chete ndi moni wapamsewu basi, ndipo mukumugula ndi mpamba wanu.

Ena akuti kukhoti kumachedwa ndipo kupambana mlandu si kulandira ndalama. Apanso sindikutsutsa. Milandu imaimitsidwa, mumapita kangapo, tsiku limene mukanakhala pamsika mumalithera pabenchi. Ndipo khoti likagamula mokomera inu koma munthuyo alibe katundu woti masherifu angagwire, mwatsala ndi pepala. Choncho musanalembe kalata, fufuzani. Kodi shopu ndi yake kapena amangogulitsira wina? Ali ndi galimoto, mafiriji, katundu m'shelefu? Mukudziwa kumene amagona, koti chisamani chikamupeze? Pitaninso kwa kalaliki wa khoti la majisitireti la kwanuko mukafunse ndalama yosumira, mapepala ofunika, ndi ngati ndalama yanuyo ili m'malire a khoti limenelo, poti makhoti a majisitireti ali ndi magiredi ndipo lililonse lili ndi malire a ndalama imene lingaweruze. Ine ndinapita kukafunsa ndisanalembe kalata, ndipo ndalama yosumira ndinaiika padera mu envelopu. Mukapeza kuti munthuyo alibiretu kanthu, kapena kuti inuyo simungapite kukhoti zivute zitani, musalembe kalata yonena za khoti. Kambiranani zoti abweze katundu wotsala, kapena landirani theka mutseke nkhani. Kuopseza ndi khoti kenako osapita kumakusiyani pansi kuposa mmene munalili, ndipo mbiri imayenda mumsika kuti makalata a mayi uja ndi mapepala chabe.

Kwa ine zinatha chonchi. Pa 31 Julayi K170,000 inalowa. Pa 31 Ogasiti sinalowe. Ndinadikira mpaka Lolemba, pa 2 Seputembala, poti tsikulo linali Loweruka, ndipo m'mawa mwake ndinatenga envelopu ija, kalata, pepala losainirana ndi mauthenga osindikiza, n'kupita kukhoti kukasumira K340,000. Sindinaimbe foni, sindinatumize uthenga. Chisamani chitawapeza kushopu, achimwene awo anandiimbira kufunsa chifukwa chimene sindinawauze kaye. Ndinawakumbutsa mawu amene iwo omwe anasainira ngati mboni. Tsiku la mlandu lisanafike anabweretsa K340,000 pamodzi ndi ndalama imene ndinalipira posuma, ndinalemba risiti yomaliza, ndipo ndinapita kukauza akukhoti kuti ngongole yalipiridwa kuti mlandu utsekedwe. Musaiwale mbali imeneyi, si bwino kusiya munthu amene walipira ali ndi mlandu wotseguka.

Ndalama yanga inabwera patatha chaka ndi theka, ndipo mabulangete amene inagula ku Joni sanafike pa amene ndinapereka. Mayi Uje sitiyankhulana. Tinakumana pa Mwanza mwezi watha pamzere wodinditsa mapasipoti, anayang'ana kumbali, inenso ndinayang'ana kwanga. Makasitomala awiri amene ankabwera kudzera mwa iwo anasiya kundigula. Panopa aliyense wotenga katundu woposa K100,000 amasaina m'kope langa, pamene pali dzina lake lonse, nambala ya chiphaso, kumene amakhala, katundu amene watenga ndi tsiku lolipira, ndipo ndimamujambulira tsambalo n'kumutumizira pafoni asanatuluke pageti.